Matailosi amadzaza sikelo kontena isanadzaze

Funso: Ndikuitanitsa makatoni 1,200 a matailosi a masentimita 60 mbali zonse kuchokera ku China, kudzera pa doko la Beira. Wogulitsa akuti malo alipo mu kontena ya mafiti 20. Ndilipire? Wamalonda, Lilongwe.

Yankho: Bambo, musalipire kaye. Za malozo wogulitsayo sakunama. Katoni ya matailosi anayi, ya mamita 0.61 x 0.61 x 0.045, imatenga malo okwana 0.0167 CBM. CBM imodzi ndi malo a mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba, ndipo makatoni 1,200 atenga pafupifupi 20 CBM. Kontena imeneyi ili ndi malo pafupifupi 33 CBM. Vuto lili pa sikelo.

Yambirani pa tailosi imodzi. Tinene kuti ikulemera makilogalamu 7. Anayi ndi makilogalamu 28, ndipo ndiko kulemera kumene amalemba kuti N.W. pa katoni. Onjezanipo katoni yeniyeniyo ndi zomangira zake, pafupifupi theka la kilogalamu, mupeza 28.5, kumene amalemba kuti G.W. Muziwerengera nambala yachiwiriyi, chifukwa thiraki imanyamula ndi katoni yomwe. Mukachulukitsa 28.5 ndi 1,200 mupeza makilogalamu 34,200, pamene kontena yambiri ya mafiti 20 imaloledwa katundu wa makilogalamu pafupifupi 28,000. Mwapyola ndi matani oposa 6.

Ngakhale 28,000 yomweyo musaidalire. Ndi malire a kontenayo payokha. Ikatsika ku Beira imakwera thiraki, ndipo pa sikelo ya pamsewu amayeza thiraki yonse ndi kulemera kwa pa ekiselo iliyonse. Mukapyola, pali chindapusa, mwinanso kutsitsa katundu panjira, ndipo matailosi sakonda kugwiridwagwiridwa. Choncho funsani mwini thiraki akulembereni malire ake musanagwirizane ndi fakitale. Ngati anena kuti katundu wa mkati mwa kontena asapyole makilogalamu 26,000, chotsanipo mapaleti, matabwa osanjikirapo makatoni. Mapaleti 20 a makilogalamu 25 iliyonse ndi 500. Otsala 25,500 mukawagawa ndi 28.5 akupatsani makatoni 894.

Kulemba nambala yochepa pa mapepala musakuganizire n'komwe. Kuyambira pa 1 Julayi 2016, kontena sikwezedwa m'sitima popanda kulemera kotsimikizika kumene amati VGM.

Kontena ya mafiti 40 sikupulumutsani: malo ndi owirikiza kawiri, koma kulemera kololedwa n'kofanana kapena kucheperako, popeza iyo yokha ndi yolemera kale.

Atsala makatoni 306, omwe ndi makilogalamu 8,721 pa malo a 5.1 CBM. Mukawatumiza mu kontena yogawana ndi ena, nthawi zambiri amalipiritsa potengera nambala yaikulu pakati pa CBM ndi matani, ndiye mulipira ngati 8.7 osati 5.1. Ine ndikanatsitsa oda kufika pa makatoni 890, otsalawo n'kudikira ulendo wina. Koma choyamba uzani wogulitsa aike katoni imodzi yodzaza pa sikelo, akutumizireni chithunzi, chifukwa makilogalamu 7 aja amasintha ndi kuchindikala kwa tailosi.