Ndalama ya tsiku la mavuto: ndisunge ya miyezi ingati?

"Ndine telala ku Area 25 ku Lilongwe, mayi akunyumba amagulitsa tomato. Chaka chatha mwana atagonekedwa m'chipatala ndinathamangira kwa akatapila, moti makina anga osokera anatsala pang'ono kupita. Timawononga pafupifupi K420,000 pamwezi. Ndiyambe bwanji kusunga ndalama ya zadzidzidzi, nanga ikhale yochuluka bwanji?"

Bambo, tengani kope mukhale pansi ndi mayi, mulembe zokhazo zimene simungazisiye ngakhale zinthu zitavuta chotani. Nyama ya Lamlungu, bandulo ya foni ndi zopereka za ku maukwati zisalowemo. Tiyerekeze kuti mwapeza lendi ya nyumba K70,000, ya pakhonde pamene mumasokera K30,000, chakudya K140,000, makala, magetsi ndi madzi K40,000, sopo ndi mayendedwe K20,000. Zonse pamodzi ndi K300,000. Umenewo ndiye mwezi wanu umodzi, osati K420,000 ija.

Miyezi ingati? Dzifunseni kuti ndalama ikasiya kulowa, imatenga nthawi yaitali bwanji kuti iyambirenso. Mphunzitsi wa boma akadwala malipiro amabwerabe, ndiye miyezi iwiri imamukwanira. Inu mukangothyoka mkono makina aima tsiku lomwelo, ndipo fupa kuti ligwirane pamapita masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa. Onjezani apo nthawi yoti makasitomala amene anapita kwa anzanu abwerere. Tsoka likagwa mu Januwale kapena Febuluwale, pamene ndalama za anthu zathera ku fizi, feteleza ndi chimanga, palibenso wosoketsa. Chokupulumutsani n'chakuti pakhomo panu pali mipika iwiri, makina ndi tomato, ndipo siiphwa tsiku limodzi. N'chifukwa chake ndikuti miyezi itatu, K900,000. Mukanakhala kuti wopeza ndalama ndinu nokha, ndikanati inayi kapena isanu.

Kupyola isanu ndi umodzi sindikulangizani. Kwacha yathu simachedwa kuchepa mphamvu: mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anasunga zambiri pansi pa matiresi anangoona mitengo ikuwathawa. Yotsala ikagwire ntchito, mugule nsalu, ulusi kapena makina achiwiri. Pa chifukwa chomwechi, muziwerenganso kope lija miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ufa ndi lendi zikakwera n'kufika K340,000, ndiye kuti K900,000 yanu sikukwananso miyezi itatu.

K900,000 ikumveka phiri, ndikudziwa. Yambani ndi sabata imodzi, K75,000. Imeneyo yokha ikwanira galimoto yothamangira kuchipatala usiku ndi mankhwala ogula kufamase, zinthu zimene zimagwetsa anthu ambiri m'manja mwa akatapila. Muzichotsa K2,000 pa ndalama yoyamba kulowa tsikulo, musanagule n'komwe ndiwo. Masiku 26 ogwira ntchito akupatsani K52,000 pamwezi, ndiye sabata ija mwaikwanitsa m'mwezi ndi theka, mwezi wathunthu m'miyezi isanu ndi umodzi. Pa liwiro limeneli miyezi itatu ingakutengereni pafupifupi chaka ndi theka. Mukhoza kufupikitsa ndi nyengo ya mayunifolomu sukulu zikamatsegulira mu Sepitembala, ndiponso madiresi a Khirisimasi. Nyengo zimenezo K2,000 ndi yochepa, patulani gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu. Koma dipoziti ya kasitomala amene simunamusokere si yanu, musaiwerengere.

Poisunga ndi pamene ambiri amapunthwa. Banki nkhonde ndi yabwino pokuza mpamba, koma ndalama mumagawana kumapeto kwa chaka, ndipo mwana akatentha thupi usiku wa Lachiwiri simungadikire tsiku lokumana gulu, komanso mukabwereka mubweza ndi chiwongoladzanja. K75,000 yoyamba ikhale pa Airtel Money kapena Mpamba, pa nambala ina imene simulandirirapo ndalama za makasitomala. Yotsalayo ipite ku akaunti yosungira kubanki, ndipo funsani kaye zimene amadula pamwezi, chifukwa maakaunti ena amadya ndalama yongokhala. Mayi adziwe kumene ili ndi katengedwe kake, poti wodwalayo akhoza kukhala inu. Achibale ena onse asadziwe. Ndikunena izi mwaulemu, koma ndalama yodziwika simachedwa kupeza mwini vuto.

Pomaliza gwirizanani kuti vuto ladzidzidzi ndi liti. Matenda, maliro a pafupi, makina kuwonongeka, denga kusasuka ndi mphepo, zimenezo inde. Fizi ayi, chifukwa tsiku lotsegulira sukulu mumalidziwa kale, imeneyo ikhale ndi thumba lakelake. Belo la nsalu zotchipa nalonso ayi. Mukatapamo K40,000 yokonzetsera makina, K2,000 ija ikwere kufika K3,000 mpaka dzenje litakwiririka.