Mafulemu 80 amene mukuyembekeza pa 1080p sadzafika

"Achimwene, monita yanga ndi ya 2560x1440. Khadi ya zithunzi yomwe ndikufuna kugula, oyesa analemba kuti pa gemu yanga imapereka FPS 45 pa 1440p ndi 24 pa 4K. Za 1080p sanalembe. Ndikatsitsa kufika pa 1080p ndipeza mafulemu angati pa sekondi? Mnzanga akuti 80. N'zoona?"

Mnzanuyo masamu ake sanawatole m'mwamba. Chithunzi cha 2560x1440 chili ndi mapikiselo 3,686,400, pomwe cha 1920x1080 chili ndi 2,073,600. Mukagawa mupeza 1.78, ndipo mukachulukitsa 45 ndi 1.78 mufikadi pa 80. Vuto ndi lakuti khadi siigwira ntchito ya mapikiselo yokha.

Imelo yanuyi yandikhudza chifukwa inenso ndinakhalapo ndi monita yoposa mphamvu za khadi yanga. Ndinkakonda gemu ina yoyenda mumzinda wodzaza anthu ndi magalimoto. Ndikakhala kunja kwa mzindawo, kutsitsa rezolushoni kunkathandiza kwambiri, gemu n'kumayenda myaa. Koma ndikangolowa pakati pa chigulu cha anthu, manambala a pakona ya sikirini ankaima malo amodzi. Ndinkatsitsa kufika pa 1280x720, nkhope za anthu n'kufufutika, zolemba za pazikwangwani osawerengeka, koma FPS osasuntha n'komwe. Usiku wina ndinatsegula pulogalamu ya MSI Afterburner, n'kuika GPU usage, nambala yosonyeza mmene khadi yatanganidwira, kuti izioneka ndikusewera. Kunja kwa mzinda inkakhala pa 99%. Mkati mwa mzinda inkagwa kwambiri, ndipo ngakhale fani ya khadi inkachepetsa phokoso. Khadi inkangokhala n'kumadikira purosesa, imene inali kalikiliki kuwerengera kumene munthu aliyense wa mugemu akulowera. Purosesa siisamala kuti chithunzi ndi chachikulu kapena chaching'ono. Anthu oti iwayendetse amakhala omwewo.

N'chifukwa chake mawebusayiti amene mumangosankhamo dzina la khadi ndi la gemu n'kukupatsani nambala imodzi amandipsetsa mtima. Nambala imodzi ya malo ati mugemumo? Pa purosesa iti? Munthu amagula khadi atakhulupirira nambalayo, ikapanda kufika amayamba kuganiza kuti wagula chinthu chowonongeka, pamene khadi ili bwinobwino. Ine ndimati nambala iliyonse imene yabwera popanda dzina la purosesa imene anayesera musaikhulupirire, ngakhale itachokera kwa munthu wodziwika.

Komanso ndinene za maonekedwe, ngakhale simunafunse. Monita ya LCD ili ndi mapikiselo okhazikika, sachuluka kapena kuchepa. Mukaitumizira 1080p pamene yake ndi 1440p, pikiselo iliyonse iyenera kutambasulidwa kuti ikwane pa pikiselo imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, m'litali ndi m'lifupi momwe. Zimenezi sizigawika bwino, ndiye monita kapena khadi imasakaniza mitundu yoyandikana. Zilembo zimaoneka ngati zapakidwa mafuta. Pa monita ya 4K nkhani ndi ina, chifukwa 3840x2160 ndi 1080p kawiri mbali iliyonse, moti pikiselo imodzi ingathe kukhala pa zinayi ndendende mukayatsa Integer Scaling. Pa monita yanuyo rezolushoni yogawika choncho ndi 720p, ndipo sindingakulangizeni kusewera pamenepo. Ndanena izi chifukwa anthu ambiri amawerengera mafulemu okha, n'kuiwala kuti maso awo ndi amene adzakhale akuyang'ana chithunzicho maola ambiri.

Masamu ake

Siyani kaye kuganiza za FPS, muganize za nthawi imene khadi imatenga kujambula fulemu imodzi. Gawani 1000 ndi FPS, mupeza mamilisekondi. Pa FPS 45 fulemu imatenga 22.2, ndipo pa 24 imatenga 41.7.

Nthawi imeneyi ili ndi zigawo ziwiri. Chigawo china chimakula mapikiselo akamachuluka, monga kupaka mitundu ndi kuwala pa pikiselo iliyonse. China sichisintha kwenikweni, monga kukonza maumbidwe a zinthu ndi kujambula mapu a mithunzi, amene kawirikawiri amakhala ndi kukula kwawokwawo. Mnzanu uja anatenga nthawi yonse ngati ndi ya chigawo choyamba. Mwayi wanu ndi wakuti muli ndi manambala awiri, ndipo awiriwo ndi okwanira kulekanitsa zigawozi.

Chithunzi cha 4K chili ndi mapikiselo pafupifupi 8.29 miliyoni, cha 1440p 3.69 miliyoni. Kusiyana kwake ndi 4.6 miliyoni, ndipo kwawonjezera mamilisekondi 19.5. Ndiye kuti miliyoni iliyonse ikudya pafupifupi mamilisekondi 4.24. Kutsika kuchoka pa 1440p kufika pa 1080p kukuchotsa mapikiselo pafupifupi 1.61 miliyoni.

```
(41.7 - 22.2) / (8.29 - 3.69) = 4.24
22.2 - (4.24 x 1.61) = 15.4
1000 / 15.4 = 65
```

Choncho yembekezani FPS ya m'ma 65. Mamilisekondi pafupifupi 6.6 pa fulemu iliyonse sakuchoka ngakhale mutatsitsa bwanji, ndipo amenewo ndi amene adya mafulemu 15 a mnzanu aja.

Nambala ya 65 imeneyi ndi ya khadi yokha. Oyesa makhadi nthawi zambiri amagwiritsa ntchito purosesa yamphamvu kwambiri kuti isawatsekereze, pamene yanu mwina ndi yakale. Mungathe kudziwa malire ake lero lomwe, ndi khadi imene muli nayo panopa. Zimitsani V-Sync ndi chilichonse choika malire a FPS, tsitsani rezolushoni kufika pansi penipeni, koma makonzedwe ena monga kuchuluka kwa anthu ndi kutalika kwa zimene mukuona muwasiye mmene mukufuna kudzasewerera. Pitani pamalo otanganidwa kwambiri mugemumo. GPU usage ikatsika bwinobwino kuchoka pa 99%, FPS imene mukuonayo ndi malire a purosesa yanu. Ikakhala 58, ndiye kuti ndi khadi yatsopanoyo mudzapezanso 58 pamalo amenewo, chifukwa nambala yaing'ono pa ziwirizi ndi imene imalamulira. GPU usage ikakanirira pa 99% ngakhale mwatsitsa chonchi, khadi yakaleyo ndi yofooka kwambiri moti sinakuonetseni malirewo, mwangodziwa kuti purosesa imafika pamenepo kapena kupitirira.

Pali chinthu chimodzi chimene chingasokoneze masamu aja. Ngati pa 4K VRAM, yomwe ndi memori ya khadi, inadzaza, nambala ya 24 inagwa mopitirira muyezo, ndipo kuwerengera kwathu kudzakulonjezani zambiri kuposa zimene mudzapeze. Onani mzere wa 1% low, umene umasonyeza FPS pa nthawi imene gemu inkayenda pang'onopang'ono kwambiri, pa zotsatira za oyesawo. Ukakhala kuti pa 4K wagweratu pansi pamene pa 1440p uli pafupi ndi avereji, nambala ya 4K ija musaidalire.

Ndikanakhala inu, monita ndikanaisiya pa 1440p n'kuyatsa DLSS kapena FSR pa Quality ngati gemu yanu ili nazo. Pamenepo khadi imajambula pafupifupi 1707x960, mapikiselo ochepa kuposa a 1080p, kenako n'kukweza chithunzicho. Kukwezako kumadya kanthawi kake pa fulemu iliyonse, ndiye mafulemu adzakhala chapafupi ndi 65 yemwe uja, koma zilembo ndi mamenyu kawirikawiri zimajambulidwa pa 1440p yeniyeni, n'kumawerengeka bwino.