Tigulitse chimanga tsopano kapena tisunge mpaka Januwale?

"Ndine msungichuma wa gulu la alimi kuno ku Katete. Tili ndi matumba 200 a chimanga a makilogalamu 50. Wogula akutipatsa K300 thumba limodzi mwezi uno wa Juni, koma ena akuti tisunge mpaka Januwale. Kusunga kungatidyere K25 pa thumba, ndipo matumba 10 angawonongeke. Ku maphunziro anatiuza za disishoni tiri, ekisipekitedi valiyu ndi sensitiviti analisisi, koma sindikudziwa poyambira. Tithandizeni."

Zikomo a Msungichuma. Tiyambe ndi disishoni tiri, chithunzi cha zosankha zanu ndi zotsatira zake: tengani pepala lalikulu mujambule kabokosi kumanzere. Kabokosiko ndi pamene inu muli ndi mphamvu yosankha, ndipo mutulutsepo nthambi ziwiri, ya kugulitsa lero ndi ya kusunga. Nthambi ya kugulitsa lero ndi yaifupi: matumba 200 pa K300 ndi K60,000, basi. Nthambi ya kusunga imakathera pa kamzere kozungulira, chizindikiro cha zinthu zimene simungazilamule. Kwa inu chinthu chimenecho ndi mtengo wa chimanga mu Januwale.

Simunandipatse mitengo ya Januwale, ndiye ndiika yanga yongoyerekeza kuti muone kayendedwe ka masamu, inu mudzaikepo yanu. Tinene kuti pa zaka khumi zofanana ndi chino, zaka 3 thumba lingafike K420, zaka 5 lingakhale pa K360, ndipo zaka 2 lingagwe mpaka K280. Zakazo zikwane khumi ndendende. Zikapanda kukwana ndiye kuti mwaiwala nthambi ina. Pa nthambi iliyonse mugulitsa matumba 190 okha, n'kuchotsapo K5,000 ya kusunga. Mtengo ukakwera mutsala ndi K74,800, ukakhala pakatikati K63,400, ukagwa K48,200.

Tsopano werengani kuchokera kumanja kubwerera kumanzere. Ndalama ya nthambi iliyonse muichulukitse ndi mwayi wake, monga zaka 3 pa zaka 10 ndi 0.3, kenako muphatikize:

```
0.3 × 74,800 = 22,440
0.5 × 63,400 = 31,700
0.2 × 48,200 =  9,640
             = 63,780
```

K63,780 imeneyi ndiyo avareji yoyembekezeka ya kusunga, ija amati ekisipekitedi valiyu, ndipo ikuposa kugulitsa lero ndi K3,780. Koma onetsetsani: palibe nthambi imene ikupatseni K63,780 m'manja. Ndi ndalama imene mukanapeza pa avareji mukanabwereza chisankhochi zaka zambirimbiri. Inu mukusankha za chaka chimodzi, ndipo mudzagwera pa nthambi imodzi yokha.

Anthu ambiri amaimira pomwepa n'kukauza gulu kuti masamu akuti tisunge. Ine ndikukupemphani musatero, chifukwa K3,780 pa K60,000 ndi phindu lowonda kwambiri, ndipo laima pa manambala amene tonse tangoganizira. Ntchito yotsatira, ija amati sensitiviti analisisi, ndi kugwedeza manambalawo limodzilimodzi, ena onse ali pomwepo, n'kufunsa kuti: nambala iyi iipe kufika pati kuti kusunga kuleke kupindula?

Yambani ndi ndalama yosungira. Kuti K3,780 ithe, kusunga kuyenera kukwera kuchoka pa K25 kufika pafupifupi K44 pa thumba. Mankhwala, matumba ndi mlonda sizingadule chotero mwadzidzidzi, choncho apa musatayepo nthawi.

Kuwonongeka kwa chimanga ndi nkhani ina. Pa mitengo itatu ija avareji ndi K362 pa thumba. Kuti mufanane ndi kugulitsa lero muyenera kupeza K65,000, ndiye kuti matumba pafupifupi 180. Mukataya matumba 20 m'malo mwa 10, phindu lonse lapita. Amene anatsegulapo thumba mu Disembala n'kupeza ufa pansi ndi anankafumbwe akuyenda pamwamba akudziwa kuti thumba limodzi pa khumi si zachilendo m'nyumba yosungiramo yosasamalidwa. Kumbukiraninso kuti chimanga cha mu Juni nthawi zambiri chimakhala chisanaumitsitse. N'chifukwa chake a FRA, bungwe la boma logula chimanga, amadikira kuti chinyontho chitsike kufika pa maperesenti 12.5 asanayambe kugula. Chikamauma chimapepuka, ndipo makilogalamu amenewo amasowa pa sikelo ngakhale kachilombo kasanalowemo.

Mtengo ndiwo wosachedwa kukugwetsani. K65,000 mukaigawa pa matumba 190 mupeza K342. Avareji ya Januwale ikangotsika ndi K20 pa thumba, kuchoka pa K362, mwasunga miyezi isanu ndi iwiri pachabe. Yesaninso mwayi uja: chotsani chaka chimodzi pa nthambi ya mtengo wokwera muchiike pa ya mtengo wogwa, avareji itsika ndi K2,660 kukhala K61,120. Mukasuntha zaka ziwiri ifika pa K58,460, ndipo kugulitsa lero kwapambana.

Choncho mwayi umenewu musauike potengera chaka chimene aliyense akukumbukira. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti ndi ngozi ya dziko lonse, chinakweza chimanga kwambiri, ndipo pa msonkhano padzapezeka wonena kuti "amene anasunga chaka chija anadya bwino". N'zoona, koma funso ndi lakuti chaka chino chikufanana ndi chiti. Tsegulani mabuku a gulu muone mtengo wa Juni ndi wa Januwale chaka ndi chaka, mupatule zaka zokolola zambiri ndi zaka za njala. Muonenso ngati boma likulola chimanga kutuluka m'dziko, chifukwa kwathu kuno, ndi malire a Mwami ndi Chanida pafupi, kutsekedwa kapena kutsegulidwa kwa malonda akunja kumafika msanga pa sikelo ya ogula.

Pali nambala ina imene simunailembe konse, ndipo ndiyo imandidetsa nkhawa kuposa zonse. K60,000 ya mu Juni si yofanana ndi K60,000 ya mu Januwale. K3,780 ija ndi maperesenti 6.3 pa miyezi isanu ndi iwiri, osakwana peresenti imodzi pa mwezi. Ngati gulu lili ndi ngongole ya chiwongoladzanja cha maperesenti 2 okha pa mwezi, imene mukanabweza ndi ndalama ya lero, kudikira kukudyerani K8,400, ndipo kusunga kwagonja kale. Komanso fetereza ndi mbewu zimafunika mu Okutobala ndi Novembala, chimanga chikadali m'matumba. Membala amene adzakongole kuti abzale, chiwongoladzanja chakecho chilembedwe pa nthambi ya kusunga.

Mukatha kuyesa limodzilimodzi, yesani ziwiri pamodzi, pakuti mavuto amabwera ogwirizana. Chaka chokolola zambiri mtengo umagwa, inu mumachedwa kugulitsa podikira kuti ukwere, ndipo tizilombo timapeza nthawi. Matumba 180 pa K280, kuchotsa K5,000, ndi K45,400. Funsani gulu poyera ngati lingapirire kutaya K14,600 popanda wina kulephera kulipirira mwana sukulu.

Maganizo anga ndi awa. Ngati pali ngongole, gulitsani. Ngati palibe, ndipo chimanga n'chouma bwino, jambulani nthambi yachitatu pa kabokosi kaja: kugulitsa matumba 100 lero ndi kusunga 100. Avareji yake ndi K61,890, ndipo mtengo ukagwa mutsala ndi K54,100 m'malo mwa K48,200. Pa matumba osungidwawo mugwirizane lero, mulembe m'buku, kuti ndani adziyang'ana mwezi uliwonse, ndiponso kuti thumba likafika pa mtengo uti mudzagulitsa osadikiranso Januwale.