Kasitomala walemba kuti "onani apa" koma chithunzi sichinafike

Achemwali ena andifunsa kuti: "Ndangoyamba kumene ntchito yoyankha makasitomala pa WhatsApp. Ambiri amangolemba kuti 'mayunitsi sakulowa, onani apa', koma chithunzicho palibe. Ndikafunsa ena amakwiya, komanso abwana amatiwerengera mphindi. Kodi si bwino kungoganizira vuto lomwe limachitika kawirikawiri n'kuyankha lomwelo?"

Achemwali, funsani kasitomalayo kaye. Ine ndakhala pa desiki ngati yanuyo kwa zaka zingapo, pamalo pomwe anthu amagulirapo magetsi pa foni, ndipo mlandu womwe unandiphunzitsa zimenezi unali wa mayunitsi omwewo.

Mayi wina analemba chakumadzulo kuti wagula magetsi a K10,000 koma sakulowa, nyumba ili mumdima. Anawonjezera kuti "onani apa". Chithunzi sichinatipeze, mwina bandulo inathera panjira kapena netiweki inavuta. Mnzanga yemwe anali pa shifiti anaganiza zomwe ambirife tikanaganiza: mayiwa akulakwitsa polemba tokeni. N'zoona kuti zimachitika kwambiri. Tokeni ili ndi manambala 20, munthu akulemba ndi tochi ya foni ataimirira pampando, kudumpha nambala imodzi n'kosavuta. Ndiye anangowatumiziranso tokeni ija n'kuwauza kuti alembe modekha. Meseji imodzi, tikiti ya dandaulo lawo yatsekedwa, pa kompyuta ya abwana zikuoneka kuti wagwira ntchito yotamandika.

Mayi aja analemba modekha kangapo konse, mita n'kumakanabe. Anaganiza kuti tokeniyo ndi yowonongeka, n'kugulanso ina ya K10,000. Nayonso inakana. M'mawa analemba atapsa mtima, ndipo anagwera kwa ine. Ndinawafunsa chinthu chimodzi, kuti andiwerengere nambala yomwe yalembedwa pa mita ya pakhoma pawo. Sinafanane ndi ya mu meseji. Foni yawo inasunga mamita awiri, wa nyumba yawo ku Ndirande ndi wa amayi awo kumudzi ku Mulanje, ndipo maulendo onse awiri anasankha wa kumudzi. Tokeni imapangidwira mita imodzi basi, siingalowe pa ina ngakhale mutailemba bwino chotani. Agogo ku Mulanje anapeza magetsi a K20,000 osawapempha (iwo ndiye sanadandaule), koma mwana wawo anagona mumdima, nkhuku za mu filiji n'kuyamba kusungunuka. K10,000 yachiwiri ija inapita chifukwa cha yankho lathu longoganizira.

Mawu akuti "sakulowa" amabisa mavuto angapo osiyana, ndipo mankhwala a lina amalakwika pa linzake. Akhoza kukhala kuti walakwitsa nambala polemba. Akhoza kukhala kuti wagulira mita ina ngati mayi aja. Mwina tokeniyo inalowa kale, mwana anailemba masana osanena, ndipo mita ikulemba Used. Mwinanso ndalama yachoka koma meseji ya tokeni siinabwere n'komwe, ndiye munthuyo akulemba manambala a risiti. Palinso mamita ena omwe kabokosi kolembera manambala kali m'nyumba pomwe mita yeniyeni ili pa polo. Kabokosiko kakapanda kulumikizana ndi mita, kapena mabatire ake akatha magetsi atazima, tokeni yabwinobwino siilowa. Inu muli ku ofesi, simukuona khomalo. Chithunzi chija ndicho chinali maso anu, ndipo palibe.

Za kukwiya kwa anthu, zomwe ndaona ine n'zakuti sakwiyira funso. Amakwiyira funso laulesi. "Tafotokozani bwino vuto lanu" ndi funso laulesi, chifukwa munthuyo akudziona kuti wafotokoza kale, watumizanso ndi chithunzi. Iye sakudziwa kuti sichinafike. Kwake chikuoneka, mwina ndi kachizindikiro ka wotchi pakona komwe sanakaone. Choncho yambani ndi kumuuza zimenezo. Ine ndimalemba chonchi:

"Pepani mayi kuti muli mumdima. Ndaona kuti mwagula magetsi a K10,000 madzulo ano, koma chithunzi chomwe mwatumiza sichinafike kuno. Chonde mundilembere nambala yomwe ili pa mita yanuyo, komanso mawu omwe mita ikuonetsa mukamaliza kulemba tokeni. Ngati bandulo yavuta musavutike ndi chithunzi, ingolembani. Musagulenso ina kaye mpaka tione."

Chiganizo chomalizacho musachiiwale. Munthu yemwe ali mumdima sadikira, ndipo mukapanda kumuletsa amakagulanso. Onaninso kuti ndamusonyeza kuti ndatsegula kale zake ndipo ndaona K10,000 ija, ndiye akudziwa kuti sakulankhula ndi khoma. Ndipo zonse zomwe ndikufuna ndazifunsa mu meseji imodzi. Kufunsa kamodzikamodzi, nambala ya mita, akayankha mufunse nthawi, akayankha mufunse dzina, kumeneko ndiye kumatopetsa munthu mpaka kuyamba kutukwana.

Sikuti paliponse muzifunsa. Chomwe chili kale pa kompyuta yanu musachifunse. Ngati nambala ya foni yakuonetsani zomwe wagula, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama, kumufunsanso n'kumutayitsa nthawi. Ndipo wina akafunsa kuti ofesi mumatseka nthawi yanji osanena nthambi yake, ngati nthambi zonse zimatseka nthawi imodzi, ingomuyankhani. Ine ndisanayankhe ndimadzifunsa kuti, ndikalakwitsa apa, aluza ndani, ndipo zibwezeka? Ngati kulakwitsako kukutanthauza meseji imodzi yowonjezera, ndikhoza kuyankha mongoganizira, bola ndinene poyera kuti "ngati mukunena za mita ya kunyumba kwanu, chitani chakuti, ngati ndi ina, ndiuzeni". Koma pomwe yankho langa lichititse munthu kutulutsa ndalama, kubweza ndalama kwa wina, kutseka akaunti kapena kukwera minibasi kubwera ku ofesi, sindisuntha ndisanaone chosowacho.

Chimodzi chokha musadzachifunse ngakhale zitavuta bwanji: PIN ya munthu, kapena manambala achinsinsi omwe amabwera pa meseji. Akuba a pa foni amayamba chimodzimodzi, "tikufuna titsimikize kaye", ndiye kasitomala akamakayikira mafunso anu musamuone ngati wovuta. Muuzeni chifukwa chomwe mukufunira nambala ya mita, ndipo munene nokha kuti PIN simuifuna.

Tsopano za abwana ndi mphindi zawo. Mnzanga uja anatseka tikiti yake m'mphindi zochepa, inde. Koma mayi yemweyo anabweranso m'mawa, ine ndinakhala naye nthawi yaitali ndikumupepesa, nkhani inakwera kwa supavaiza, ndipo panalembedwa lipoti. Mphindi zonsezo zinachokera pa desiki yomweyo. Ngati kwanuko amawerenganso makasitomala omwe abwereranso ndi vuto lomwelo, aonetseni abwana mbali imeneyo. Ngati sawerenga, sungani nokha kwa sabata imodzi: omwe munawafunsa kaye ndi angati anabwereranso, omwe munangowayankha ndi angati. Mukatero mupite nazo kwa abwanawo. Meseji ija isungeni mu foni kapena pa kompyuta kuti muzingosintha dzina ndi ndalama, siitenga ndi theka la mphindi lomwe.

Akapanda kuyankha funso lanu, musatseke tikiti ngati kuti vuto latha. Lembani mu notsi kuti chithunzi sichinafike, mwapempha nambala ya mita ndi mawu a pa mita, nthawi yakuti, kuti wa shifiti ya usiku asadzayambirenso kuganizira pomwe inu munakana kuganizira. Kwathu timawakumbutsa kamodzi pakapita ola, chifukwa nthawi zambiri munthuyo amakhala wapita kokagula bandulo.