Chotsani "mwina", koma "chonde" akhalepo

"Anzanga, ndikalemba imelo yopempha kanthu kuntchito, anthu amachedwa kuyankha. Mnzanga wina akuti ndimachulutsa 'mwina' ndi 'ndimangofuna'. Nanga ndikachotsa mawuwa sindioneka wamwano?"

Ayi ndithu achemwali, simuoneka wamwano. Ulemu uli mu "chonde", "zikomo" ndi moni wabwino. Mawu enawo ndi okayikira, ndipo amauza wowerenga kuti angathe kusiya osachita. Ine imelo ngati iyi ndinkalemba kawirikawiri:

"Pepani kukuvutitsani bwana. Ndimangofuna kufunsa ngati mwina mungaoneko lipoti lija mukapeza mpata. Ndikuganiza kuti likufunika sabata ino."

Taganizani bwana ali ndi maimelo ambirimbiri, akuwerenga pafoni akuthamangira kumsonkhano. Ka "ngo" kali mu "ndimangofuna" kawauza kale kuti nkhaniyi ndi yaing'ono. "Mukapeza mpata" wawapatsa chilolezo choti adikire mpaka sabata yamawa. Koma amene amandipweteka mtima kwambiri ndi "ndikuganiza kuti", chifukwa tsiku lomwe lipotilo likufunika mukulidziwa bwino lomwe, koma mwalilemba ngati mphekesera. Akapanda kuyankha simungawadandaule, poti simunawapemphe chilichonse chogwirika. Onani tsopano:

"Mwadzuka bwanji bwana. Chonde onani lipoti la mwezi uno lomwe ndatumiza ndi imeloyi, ndipo mulisayine pofika Lachinayi 12 koloko masana. A ku ofesi ya zachuma akulifuna Lachisanu m'mawa. Zikomo kwambiri."

Apa sindinangofufuta mawu. Pomwe panali "mungaoneko" ndaika ntchito yeniyeni, kusayina. Pomwe panali "mukapeza mpata" ndaika tsiku ndi ola, kenako chifukwa chake. Chifukwacho n'chimene chimafewetsa pempho, popeza bwana amaona kuti si inu mukuwakakamiza, ndi ntchitoyo. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa: amafufuta osaikapo kanthu, n'kutsala ndi "sayinani lipoti". Umenewo ndiye umamveka mwano.

Sikuti "mwina" ndi woletsedwa. Ngati simukudziwadi, nenani, koma mumuike pa chinthu chokayikitsacho, osati pa pempho. Mwachitsanzo: "Nambala za patsamba 3 mwina zisintha, chifukwa malisiti ena sanafike. Chonde sayinani masamba enawo pofika Lachinayi." "Ndikuganiza kuti" nayenso ali ndi malo ake akakufunsani maganizo anu.

Musalimbane nawo mawuwa polemba koyamba, lembani mmene zikubwerera. Musanatumize, dinani Ctrl+F mufufuze "mwina", "ngo", "pepani" ndi "ndikuganiza". Paliponse pamene mwawapeza, werengani chiganizocho mokweza popanda mawuwo. Ngati chikunenabe zoona, achotseni. Ngati chasanduka bodza, kapena chikulonjeza zomwe simungakwanitse, abwezerenipo. "Pepani" musungireni tsiku lomwe mwachedwetsadi ntchito ya wina.