Zomwe misewu ndi mapuloti a Lilongwe amaulula

"Ndingadziwe bwanji mmene Lilongwe anakulira pongoyang'ana misewu ndi mapuloti?"

Yambani mwaona ngati msewu unatsogola kapena nyumba. Ku Area 18, komwe kunamangidwa m'zaka zomwe likulu linkasamuka ku Zomba (Lilongwe anakhala likulu mu 1975), mapuloti ndi ofanana ndipo nyumba zinandandalikidwa pamzere umodzi, chifukwa malo anayezedwa asanamange. Ku Mtandire njira zimapinda ndi kuchepa pozemba nyumba, kusonyeza kuti anthu anamanga kaye, njira n'kutsatira.

Koma mipanda ya njerwa isakunamizeni, popeza yambiri inabwera pambuyo pake. Inu suzumirani pageti muone ngati khoma lakutsogolo la nyumba yaikulu lili pamzere umodzi ndi makoma a nyumba zoyandikana nayo. Mukapeza kapuloti kakang'ono pakati pa akuluakulu, kolowera kanjira kopapatiza m'mbali mwa mpanda, kawirikawiri ndi puloti yakale yomwe inadulidwa pawiri malo atakwera mtengo.