Musawonjezenso gasi, yambani mwayeza kutentha kwa mapaipi

Funso: "Akuluakulu ndithandizeni. Kolodirumu ya butchala ku Machipisa mu Harare, ya R22, ili ndi TXV. Sikuzizira, yaima pa 9°C. Geji yabuluu ili pa 28 psi, ndawonjezera gasi kawiri koma sikukwera, yofiira ndiye yafika 236 psi. Ndiwonjezerenso kapena kompuresa yatha?"

Achimwene, tsekani botolo la gasilo, ndipo kompuresa musaikhudze kaye. Geji yokha siingakuuzeni ngati gasi wachepa, chifukwa puresha yotsika kumbali yokoka imabwera pa zifukwa zingapo: gasi kuchepa, njira kutsekeka, ngakhale evaporeta kugwira ayezi. Chomwe chimasiyanitsa matendawa ndi kutentha kwa mapaipi awiri, ndipo simunakutchule.

Pezani chipangizo choyezera kutentha, chija chokanikiza pa paipi. Yambani ndi paipi yaikulu, pamene ikutuluka mu evaporeta, pafupi ndi kababu ka TXV, valavu ija yolowetsa madzi a gasi mu evaporeta. Palani mkuwa uwale, kanikizani bwino, mukulungepo kansanza kuti mphepo ya mafani isakunamizeni. Pa tchati cha R22, 28 psi ndi pafupifupi -15°C, kutanthauza kuti madzi a gasiwo akuwira pa -15°C mkati mwa koyilo. Tinene kuti paipi yawerenga 7°C. Kuchoka pa -15 kufika pa 7 ndi madigiri 22, ndipo imeneyi ndiye supahiti yanu. Pa kolodirumu ya nyama timafuna madigiri 5 mpaka 7 potulukira evaporeta. Ikafika 22 ndiye kuti madzi akuthera koyambirira kwenikweni kwa koyilo, kwinako kukungoyenda nthunzi yosaziziritsa kanthu. Mukayang'ana mupeza chisanu chagwira mapaipi awiri kapena atatu pafupi ndi valavu, ena onse ali gwa, owuma.

Apa mwadziwa kuti evaporeta ili ndi njala, koma simunadziwe ngati chakudya chatha m'nyumba kapena chilipo koma sichikufika. Yankho lili pa paipi yaing'ono. 236 psi pa R22 ndi 45°C. Yezani paipi yaing'onoyo isanafike pa dilaya, kachipangizo kosefa zinyalala ndi chinyezi. Ikawerenga 32°C, chotsani 32 pa 45, mutsala ndi madigiri 13 a sabukulingi. Makina okhala ndi risiva nthawi zambiri amaonetsa madigiri ochepa chabe, chifukwa madzi otsala amakakhala mu risivamo, choncho 13 akutanthauza kuti risiva yadzaza ndipo madzi ayamba kubwerera m'kondensa. Gasi amene mwathira kawiri uja ali mmenemo, akusowa podutsa, n'chifukwa chake geji yofiira yokha ndi imene ikukwera. Gasi akanakhala wochepa, mageji onse awiri akanakhala pansi, sabukulingi pafupi ndi 0, ndipo mutangothira pang'ono yabuluu ikanayankha. Ine ndikukayikira kwambiri kutsekeka.

Chinthu chimodzi chingakunamizeni pamenepa. Ngati amene anagwira makinawa kale sanakoke vakyumu, mpweya wamba wotsalira umakweza geji yofiira, sabukulingi n'kuoneka yaikulu chonsecho si yeniyeni. Kuti mutsimikize, sonkhanitsani gasi ku risiva, zimitsani kompuresa, fani ya kondensa izungulire mpaka zonse zifanane ndi kutentha kwa panja. Panja pakakhala 30°C, R22 iyenera kukhala pafupi ndi 158 psi. Ikapitirira kwambiri, muli mpweya kapena gasi wosakanizika.

Tsopano kufufuza pamene patsekeka. Yambani ndi dilaya, chifukwa ndi yotchipa ndiponso ndiyo imatsekeka kawirikawiri. Yezani polowera ndi potulukira. Kusiyana kukaposa madigiri 2, yatsekeka. Okutobala wathayu ndinaitanidwa ku kolodirumu ina ku Mbare, kunja kukutentha koopsa, mwini wake ataima pakhomo akununkhiza nyama. Mnyamata amene anabwera ine ndisanafike anali atathira gasi wambiri chifukwa kagalasi koonera madzi a gasi pa paipi yaing'ono kankaonetsa thovu. Nditagwira dilaya, polowera panali pofunda, 33°C, koma potulukira panali pozizira, 21°C. Kagalasi kaja kanali mbali yotulukira ya dilaya yotsekekayo, ndiye thovu silikanatha ngakhale akanathira botolo lonse. Zimandipweteka ndikaona zotere, chifukwa mwini butchala analipira gasi amene sankafunika, nyama n'kutsala pang'ono kuwonongeka. Tinasintha dilaya, tinakoka vakyumu mpaka mamaikiloni 500, tinabweza gasi wowonjezera m'botolo, ndipo chipinda chitafika pa 2°C geji yabuluu inakhazikika pafupi ndi 40 psi, supahiti madigiri 6.

Dilaya ikakhala bwino, pitani pa TXV. Masulani kababu kake pa paipi, mukafumbate m'dzanja kwa mphindi imodzi mukuyang'ana geji yabuluu. Valavu yamoyo imatseguka ikamva kufunda, puresha n'kukwera msanga. Ikatero bwezerani kababu nthawi yomweyo, musachedwe, madzi angafike ku kompuresa. Singano ikapanda kusuntha, mwina kababu kataya gasi wake, zomwe zimachitika kapaipi kake kakang'ono kakamakhuzana ndi chitsulo mpaka kubooka, kapena kasefa ka polowera valavu kadzaza zinyalala. Kasefako kamatsukika, koma mutu wa valavu wotaya gasi ndi wosintha basi.

Palinso chinyezi, ndipo chimenechi chili ndi khalidwe lake. Makina amagwira bwino akangoyatsidwa, pakapita kanthawi puresha n'kuyamba kutsika, chifukwa kadontho ka madzi kaundana pakabowo ka valavu. Funsani mwini wake ngati chipinda chimayamba bwino magetsi akabwera pambuyo pozima nthawi yaitali, kenako n'kufooka. Ikani kansalu konyowetsa m'madzi otentha pa thupi la valavu. Mukamva kuti fwaa, geji n'kudumpha, mwachipeza. Mankhwala ake ndi dilaya yatsopano ndi vakyumu yabwino, osati kupotokola kasikuluwu ka valavu. Kasikuluwu kaja kasiyeni mpaka mutathana ndi zonsezi, ndipo mukakagwira, pang'onopang'ono, n'kudikira mphindi 15 musanayezenso.

Ngati paipi yaikulu ingawerenge pafupi ndi -13°C m'malo mwa 7°C, ndiye kuti zonse ndanenazi sizikukhudzani. Puresha yotsika pamodzi ndi supahiti yochepa ndi vuto la mphepo: koyilo yaundana, fani yafa, kapena makatoni aunjikidwa kutsogolo kwa evaporeta.

Kumbukiraninso kuti kuno tili pamwamba. Harare ali pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene matchati ambiri analembedwera malo a m'mbali mwa nyanja. Geji yanu imawerenga mopitirira ndi 2 psi ndi kanthu. Kumbali yofiira sizisintha zambiri, koma kumbali yabuluu, 28 psi yanu ndi ngati 26 pa tchati, pafupifupi -17°C, choncho supahiti yeniyeni ndi yokulirapo ndi digiri imodzi kapena awiri. Lero zimenezi sizisintha chigamulo, koma zidzafunika pamene mukukonza valavu kuti ifike pa 6.

Mukapitako mawa, tumizani manambala anayi awa makina atayenda mphindi 20 chitseko chili chotseka: kutentha kwa paipi yaikulu potulukira evaporeta, polowera dilaya, potulukira dilaya, ndi kwa mpweya wolowa m'kondensa. Mundiuzenso ngati kagalasi kali mbali yolowera kapena yotulukira ya dilaya.